Mabokosi a kumapeto ndi makhadi sakuoneka pa kanema wanu wa YouTube? Yambani ndi funso la ana

Mwa madandaulo onse amene anthu a matchanelo ang'onoang'ono kuno ku Mzuzu amabwera nawo, limene ndalimva kwambiri ndi lakuti kanema akamatha, timabokosi toitanira anthu ku kanema wina sitikutuluka. Ena amati malo oikirapo timabokosito ndi otuwa, sakudinika. Ena amati anaika bwinobwino, anasunga, koma mlongo wawo ku Chibavi ataonera pa foni sanaone kanthu. Awa ndi mavuto awiri osiyana, ndipo mukawasakaniza mutha bandulo ya sabata yonse mukukweza kanema yemweyo kawiri katatu popanda chosintha.

Zinthuzi pa sikirini zimalembedwa kuti `End screen` ndi `Cards`. Choyambacho ndi timabokosi timene timabwera pamwamba pa chithunzi m'masekondi omaliza: kena koonetsa kanema wina, kena mndandanda wa makanema, kena kozungulira kokhala ndi chithunzi cha tchanelo kuti munthu alembetse. Makhadi ndi kauthenga kamene kamatulukira pakona ya kumanja kumtunda kanema ali mkati, n'kusanduka kachizindikiro ka `i`. Ndizitchula kuti mabokosi a kumapeto ndi makhadi.

Chofunika kuchigwira musanakhudze batani lililonse ndi ichi: mabokosiwa sali m'kati mwa kanema wanu. Sali ngati mawu amene mumalemba pa chithunzi pokonza kanema. YouTube imachita kuwajambula pamwamba pa kanemayo pa nthawi imene munthu akuonera, ndipo isanatero imaona kaye ngati kanemayo akuloledwa, ngati tchanelo ikuloledwa, komanso ngati chipangizo cha woonerayo chimatha kuwaonetsa. N'chifukwa chake kanema amene munthu wamukopera n'kumutumiza pa WhatsApp, kapena kumuika pa fulashi kuti akaonere pa wailesi yakanema kunyumba, sadzakhala ndi bokosi ngakhale limodzi. Fayiloyo ilibe. Choncho funso loyamba ndi lakuti, kodi vuto lili poika, kapena lili poonera?

Tiyambe ndi vuto la poika, potsatira nkhani ya tchanelo ya kwaya ina ya mpingo kumbali ya ku Luwinga, chifukwa zimene zinaichitikira ndi zimene zimachitikira ambiri. Kwayayi inali ndi makanema 14. Kanema amene ankafuna kumuikira mabokosi anali nyimbo ya mphindi 6 ndi masekondi 40, yojambulidwa chopingasa, yooneka bwino. Mlembi wa kwaya atalowa pa `studio.youtube.com`, tsamba loyendetsera tchanelo lotchedwa YouTube Studio, n'kudina `Content`, n'kutsegula kanemayo, anapeza kuti `End screen` ndi `Cards` kumbali ya kumanja sizikutseguka. Anaganiza kuti ndi netiweki, kenako anaganiza kuti ndi kuchepa kwa olembetsa, poti anali asanafike 200.

Sizinali choncho. Bokosi loonetsa kanema wina, mndandanda wa makanema, tchanelo ina kapena lolembetsera silidalira chiwerengero cha olembetsa. Tchanelo ya munthu mmodzi yekha wolembetsa ikhoza kuliika. Chizindikiro cha vuto lenileni chinali pansi pa kanema aliyense wa kwayayo: ndemanga zinali zotsekedwa, pomwe palibe anazitseka, ndipo kabelu kodziwitsa anthu za kanema watsopano sikankagwira ntchito. Pa tsamba la `Content`, m'danga la `Restrictions`, kanema aliyense anali ndi mawu akuti `Made for kids`. Mukangoona ndemanga zotsekeka zokha pamodzi ndi mabokosi okana kutseguka, musayang'anenso kwina, mwachipeza.

Chimachitika n'chiyani? Pokweza kanema, YouTube imafunsa funso pansi pa mutu wakuti `Audience`, ndipo mayankho ake ndi awiri: `Yes, it's made for kids` ndi `No, it's not made for kids`. Munthu wa kwaya, mphunzitsi, kapena mayi wophunzitsa kaphikidwe akaliwerenga, amalimva ngati likufunsa kuti, kodi kanemayu ana angaonere popanda choipa? Ndiye poti nyimbo ya Mulungu ilibe zolaula, amayankha kuti inde. Yankho lake ndi la mtima wabwino, koma funsolo silikufunsa zimenezo. Likufunsa ngati kanemayo anakonzedwera ana, kutanthauza kuti ana ndiwo anthu amene mukuwafuna makamaka. Nyimbo ya kwaya yoimbidwa pa mapemphero a Lamulungu ndi ya anthu onse, akulu ndi ana omwe, ndipo kanema wa anthu onse yankho lake ndi ayi.

Funsoli linachokera ku lamulo la ku America loteteza chinsinsi cha ana osafika zaka 13 pa intaneti, lotchedwa COPPA, la mu 1998. Mu Seputembala 2019 Google ndi YouTube anavomera kulipira madola 170 miliyoni pa mlandu wokhudza kusonkhanitsa zambiri za ana, ndipo kuyambira mu Januwale 2020 kanema aliyense woikidwa kuti ndi wa ana anayamba kuchotseredwa zinthu zingapo: ndemanga, kabelu, malonda otsata zokonda za woonera, kachizindikiro ka tchanelo ka pakona, makhadi ndi mabokosi a kumapeto. Ngakhale lamuloli ndi la ku America, YouTube imafunsa funsoli aliyense padziko lonse, wa ku Mchengautuwa yemwe.

Kukonza kwake kuli pawiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amalekera panjira. Pali yankho la tchanelo yonse, ndipo pali yankho la kanema mmodzimmodzi. La tchanelo yonse mumalipeza podina `Settings` kumanzere pansi, kenako `Channel`, kenako `Advanced settings`. Pamenepo pali zosankha zitatu: kuti tchanelo yonse ndi ya ana, kuti yonse si ya ana, kapena kuti muziyankha pa kanema aliyense, chimene chimalembedwa kuti `I want to review this setting for every video`. Mlembi uja anasintha apa, n'kunena kuti tchanelo si ya ana, koma atabwerera ku nyimbo ija anapeza mabokosi akadali otseka. Chifukwa chake n'chakuti yankho limene linaperekedwa pa kanema payekha limaposa la tchanelo. Makanema 14 onse aja anali atayankhidwa kuti inde mmodzimmodzi pa tsiku lowakweza, ndiye kusintha kwa pamwamba sikunawakhudze.

Simufunika kutsegula aliyense payekha. Pa tsamba la `Content` chongani makanema onse ofunika kusintha, ndipo pamwamba patuluka mzere wakuda wokhala ndi `Edit`. Dinani pamenepo, sankhani `Audience`, sankhani kuti si a ana, n'kutsimikiza. Mukatero tsitsimutsani tsambalo ndipo muone ngati mawu aja achoka mu `Restrictions`. Muonenso ndemanga pa kanema aliyense, chifukwa zikhoza kufuna kuti muzitsegule nokha. Simufunika kufufuta kanema kapena kumukwezanso. Ndikutsindika chifukwa ndaona anthu akufufuta nyimbo yoti inaonedwa kambirimbiri, n'kuyambiranso pa ziro, pa vuto lotha ndi kudina kanayi.

Koma pa makanema 14 aja, awiri sanasinthidwe, ndipo ndi bwino kuti sanasinthidwe. Anali a Sande sukulu: mphunzitsi akuyang'ana kamera, akuphunzitsa ana nyimbo ya manja ndi vesi loloweza, mawu ake ofewa olankhula kwa mwana. Ameneyo ndi kanema wa ana weniweni. Kuoneka kwa ana mu kanema pakokha sikumupanga kukhala wa ana. Ana akuimba pa mwambo wa mpingo wonse, oonera ali makolo ndi abale a ku Joni, si chimodzimodzi ndi phunziro lokonzedwera mwana wa zaka 6. Muzidzifunsa kuti, mawu a mu kanemayu akulankhula kwa ndani, nanga nkhani yake, nyimbo zake, zidole kapena masewero ake akukopa ndani? Ngati yankho loona ndi ana, siyani `Yes, it's made for kids` ndipo vomerezani kuti mabokosi ndi makhadi sadzakhalapo. Musanene bodza pofuna bokosi. YouTube ili ndi makina ake oyang'ana makanema, ikhoza kusintha yankho lanu yokha, ndipo zikatero inu simungalibweze ndi kudina, mumachita kupempha kuti aonenso. Imanenanso poyera kuti kunama pa funsoli kungabweretse chilango pa tchanelo. Pa makanema a ana, njira yotsala yowatsogolera oonera ndi kunena ndi pakamwa dzina la phunziro lotsatira, ndi kulilemba m'mawu ofotokoza kanema kuti kholo lilipeze.

Musasokonezenso funsoli ndi lina lili pansi pake lakuti `Age restriction`. Limenelo ndi lotsekera kanema anthu osafika zaka 18. Kunena kuti kanema si wa ana sikutanthauza kuti mumuike ku zaka 18. Kwaya ikachita zimenezo yadzitsekera yokha oonera.

Kanthu kena kamene kamazunguza anthu kuno, poti ambiri timachita zonse pa foni: mabokosi ndi makhadi amaikidwa mu YouTube Studio ya pa kompyuta. Munthu amafunafuna mu apu ya pa foni, osapeza, n'kuganiza kuti tchanelo yake sinavomerezedwe. Ngati mulibe laputopu, tsegulani Chrome pa foni, dinani timadontho titatu, chongani `Desktop site`, kenako lembani `studio.youtube.com` pamalo olemba adiresi. Foni ikakukokerani ku apu, bwererani mulembenso adiresiyo nokha m'malo modina linki. Zilembo zimachepa kwambiri ndipo kukoka mabokosi ndi chala n'kovuta, choncho gonekani foni chopingasa ndipo mugwiritse ntchito masanjidwe okonzeratu amene amaoneka mukangotsegula `End screen`. Ngati mwalowera pa kompyuta ya m'tauni yolipira, musachoke musanatuluke mu akaunti yanu.

Tsopano za kutalika ndi nthawi. Kuti kanema alandire mabokosi a kumapeto ayenera kukhala wa masekondi 25 kapena kuposa. Mabokosiwo amakhala m'masekondi 20 omaliza okha, ndipo bokosi silingaoneke kwa nthawi yochepera masekondi 5. Pa nyimbo ija ya 6:40, ndiye kuti malo ake ndi kuyambira 6:20 kufika 6:40. Simungalikokere bokosi ku 6:00 ngakhale mutafuna. Pa kanema wopingasa wa muyezo wa 16:9 mungaike mabokosi osaposa 4, ndipo pa miyezo ina chiwerengerocho chikhoza kuchepa. Mabokosi sayenera kusanjikizana. Awiri akagundana amaoneka ofiira, ndipo `Save` sadinika mpaka mutawasiyanitsa. Ambiri amene amati "ndinaika koma sizinakhale" vuto lawo limakhala pamenepa: anatseka tsamba `Save` asanagwire, kaya chifukwa cha mabokosi ogundana, kaya netiweki inaduka pa nthawi yosunga. Mukasunga, tulukani, mulowenso mu `End screen`. Mukawapeza mabokosi ali pa mzere wa nthawi, ndiye kuti asungika. Mukadzadula kanemayo pambuyo pake ndi `Editor` ya mu Studio, mudzabwererenso kukaona ngati nthawi za mabokosi ndi makhadi zikugwirizanabe ndi kutalika kwatsopano.

Ineyo ndimalangiza mabokosi awiri basi, kanema mmodzi ndi lolembetsera. Pa foni ya sikirini yaing'ono, mabokosi anayi amaphimba nkhope za oimba, ndipo chala chimagwa pa bokosi lolakwika.

Kwaya ija inali ndi kanema wina amene anakanabe ngakhale funso la ana litakonzedwa. Anali wa mphindi 2 ndi masekondi 10, wojambulidwa ndi foni choimirira pa ukwati. Kutalika kunali kokwanira, koma pa tsamba lake panalibe n'komwe malo a `End screen`. Uyu YouTube inamutenga ngati `Shorts`. Kale makanema afupiafupi amenewa ankathera pa masekondi 60, koma kuyambira pa 15 Okutobala 2024, kanema aliyense woimirira kapena wofanana mbali zonse, wosaposa mphindi 3, akakwezedwa amalowa mu `Shorts`, ngakhale inu musanapemphe. Ndipo ma `Shorts` alibe mabokosi a kumapeto kapena makhadi. Mudziwa poona pa `Content`: kanemayo sapezeka pa `Videos`, amapezeka pa `Shorts`.

Apa palibe batani lomusinthira. Njira ndi ziwiri. Mukhoza kumusiya momwemo n'kugwiritsa ntchito `Related video`, kamene ndi kalinki kamodzi kooneka pa kanema wamfupiyo kopita ku kanema wina wa tchanelo yanu. Kameneka kamafuna kuti tchanelo ikhale ndi `Advanced features`, zimene mungaone pa `Settings`, `Channel`, `Feature eligibility`. Kapena mukhoza kumukonzanso mu pulogalamu yanu yodulira makanema, kumuika pa chinsalu chopingasa cha 1920 ndi 1080, chithunzi choimiriracho chili pakati, n'kumukweza ngati watsopano. Dziwani kuti YouTube silola kusintha fayilo pa kanema amene ali kale pa intaneti, ndiye watsopanoyo adzakhala ndi linki yake ndipo chiwerengero cha oonera chidzayambira pansi. Ubwino wake, mbali ziwiri zopanda kanthu zija ndi malo abwino kwambiri oikapo mabokosi osaphimba munthu.

Pali bokosi limodzi lokha, ndi khadi limodzi, limene limadalira kukula kwa tchanelo. Ndi la `Link`, lotumiza woonera ku tsamba la kunja kwa YouTube. Limeneli ndi la okhawo amene ali mu YouTube Partner Program. Kuti tchanelo ilandire ndalama za malonda mu pulogalamuyo pamafunika olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonedwa pa makanema a poyera m'miyezi 12, kapena ma `Shorts` oonedwa ka 10 miliyoni m'masiku 90. Kufika pa manambalawa sikukulowetsani kokha, mumachita kupempha ndi kuunikidwa, komanso pulogalamuyi imangopezeka m'mayiko amene ali pa mndandanda wa YouTube. Tsamba la `Earn` mu Studio ndi limene limakuuzani pamene tchanelo yanu yaima ndi ngati dziko limene munalemba likuloledwa. Choncho mukaona `Link` yekha ali wotuwa, ena onse akudinika, palibe chawonongeka. Linki yanu ikani m'mawu ofotokoza kanema, podziwa kuti nakonso kuti linki ya kunja idinike pamafunika `Advanced features` zija.

Tabwera ku vuto lachiwiri: mwaika, mwasunga, mwalowanso mwawapeza, koma anthu akuti sakuona. Kwaya ija itakonza zonse, mlembi anaponya linki mu gulu la WhatsApp. Anthu ena anayankha kuti mabokosi akuoneka, koma mayi wina wa m'kwayamo analemba kuti, "Alembi, kwa ine kuno nyimbo yangotha basi, palibe chatuluka." Mlembi anayankha kuti, "Amayi, tajambulani sikirini yonse munditumizire." Pa chithunzicho, pamwamba pa kanema panali mzere wa adiresi wolembedwa `m.youtube.com`. Foni yawo inatsegula linkiyo mu bulawuza, osati mu apu ya YouTube.

YouTube imanena yokha kuti mabokosi a kumapeto saoneka pa tsamba lake la m'bulawuza ya foni, kupatula pa iPad. Saonekanso pa YouTube Music, pa YouTube Kids, ndi pa makanema ozungulira a madigiri 360. Kwa ife izi si zazing'ono. Anthu ambiri amapeza makanema athu kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo Facebook imakonda kutsegula linki m'kabulawuza kake ka m'kati. Enanso anazimitsa apu ya YouTube pofuna malo mu foni, kapena amaonera pa bulawuza poganiza kuti bandulo ikhalitsa. Onsewa akuona kanema wanu, koma bokosi sakuliona, ndipo inu palibe chimene mungasinthe mu Studio kuti alione. Oimba muzikumbukiranso YouTube Music: amene akumvera nyimbo yanu kumeneko bokosi silimufika.

Ngakhale mu apu yeniyeni, YouTube silonjeza kuonetsa mabokosi nthawi zonse. Imatha kuwadumpha kanema akamasewera kumbuyo munthu ali pa zina, ndipo imatha kusintha malo ake pa sikirini yaing'ono kwambiri. Pa kompyuta, woonera akhoza kukhala kuti anazimitsa yekha. Pa kachizindikiro ka giya pansi pa kanema pali `Annotations`, ndipo kakazimitsidwa mabokosi amabisika. Mu `Settings` ya akaunti yake, pa `Playback and performance`, palinso pochonga pa za makhadi. Mapulogalamu ena otsekereza malonda amene anthu amawonjezera ku bulawuza nawonso amabisa zinthu zimenezi. Ngati inuyo mwini wake simukuona pa laputopu yanu pomwe anzanu akuona, yambani mwayang'ana pamenepa.

Kayesedwe kamene sikanandinamizepo ndi aka. Tsegulani kanemayo pa kompyuta, pa windo la `Incognito`, pomwe simunalowe mu akaunti ndipo zowonjezera za bulawuza nthawi zambiri sizigwira, n'kukokera pa masekondi 25 omaliza. Kenako mutsegule mu apu ya YouTube pa foni ya mnzanu, pomufufuza ndi dzina mu apu momwemo, osati podina linki. Akaoneka monse muwiri, ntchito yanu ili bwino, ndipo amene sakuona vuto lili pa chipangizo chake. Akaoneka mabokosi ena, limodzi n'kusowa, yang'anani kanema amene bokosi losowalo likuloza. Kawirikawiri amakhala kuti ndi `Private`, kapena ndi `Scheduled` tsiku lake lisanakwane, kapena anafufutidwa. Inu monga mwini tchanelo mumamuona mu Studio, koma woonera alibe chilolezo chomutsegula. Mukafuna kupewa zimenezi pa makanema ambiri, m'malo mosankha kanema ndi dzina sankhani `Most recent upload` kapena `Best for viewer`, YouTube izisankha yokha pa makanema anu a poyera.

Makhadi ali ndi khalidwe lawo limene limapangitsa anthu kuganiza kuti asowa pomwe alipo. Mungaike makhadi osaposa 5 pa kanema mmodzi. Khadi silikhala poyera nthawi yonse. Pa nthawi imene munasankha, kauthenga kamatuluka pakona kwa masekondi ochepa, kenako kamabisala, ndipo ka `i` kamaoneka pokhapokha munthu akasuntha mbewa kapena akagwira sikirini. Ngati munaika khadi pa 2:15, poyesa yambirani pa 2:10 n'kudikira. Mukadumphira pa 2:30 simuona kanthu. Makhadi onse amaonekanso pamodzi pansi pa mawu ofotokoza kanema mukawatambasula, ndipo amenewo ndi malo achangu otsimikizira kuti anasungika.

Mlembi uja anaika khadi pa 6:30, poganiza kuti kumapeto ndi kumene munthu amafuna nyimbo ina. Kauthenga kake sikanatuluke, ndipo n'chifukwa cha lamulo lomveka: mabokosi a kumapeto akayamba, YouTube imabisa mauthenga a makhadi ndi kachizindikiro ka tchanelo kuti zisapikisane. Mabokosi ake ankayamba pa 6:20, ndiye khadi lililonse lopitirira pamenepo linali lotayika. Analisunthira pa 3:05, pamene wotsogolera nyimbo amapuma pakati pa ndime, ndipo linaoneka. Pali chinanso chokhudza amene amagwiritsa ntchito nyimbo za eni ake. Ngati kanema wanu wagwidwa ndi `Content ID`, makina a YouTube ozindikira nyimbo za eni ake, ndipo mwini nyimboyo anakonza zoti pazioneka khadi lotsatsa zake, makhadi anu saoneka. Mudziwa poona mawu akuti `Copyright` mu danga lija la `Restrictions`. Amene akufunafuna khadi la mavoti asataye nthawi, YouTube inalichotsa mu 2020.

Pomaliza pali mabokosi amene ali bwino paliponse, koma anthu sakuwaonabe chifukwa safika kumapeto. Izi simungazidziwe pofunsa m'gulu la WhatsApp, muzione mu manambala. Tsegulani kanemayo mu Studio, dinani `Analytics`, kenako `Advanced mode`, n'kusankha miyezo ya `End screen elements shown` ndi `Card teasers shown`. Yoyamba ikuuzani kuti mabokosi anaonetsedwa kangati, yachiwiri kuti mauthenga a makhadi anatuluka kangati. Manambalawa amachedwa, choncho dikirani masiku awiri kapena atatu mutaika. Ngati akadali ziro pomwe kanema akuonedwa, bwererani ku zonse zija za poika. Ngati si ziro koma ndi ochepa poyerekeza ndi oonera, yang'anani mzere woonetsa pamene anthu amasiyira kanema, umene uli pa `Engagement`.

Pa nyimbo ya kwaya ija mzerewo unagwa mwadzidzidzi pa 6:05. Nyimbo inkatha pa nthawi imeneyo, kenako pankabwera mayina a oimba ndi ojambula pa chinsalu chakuda kwa masekondi 35. Pakati pa kutha kwa nyimbo ndi kuyamba kwa mabokosi pa 6:20 panali masekondi 15 opanda chomugwira munthu, ndipo munthu wosunga bandulo sadikira chinsalu chakuda. Anadula mayinawo ndi `Editor` kuti kanema athere pa 6:05, mayina n'kuwalemba m'mawu ofotokoza kanema. Tsopano masekondi 20 omaliza akuyambira pa 5:45, kwaya ikubwereza kolasi yomaliza. Anaika bokosi la kanema kumanzere kumtunda ndi lolembetsera kumanja, pamwamba pa mitu ya oimba pomwe pakuoneka khoma la tchalitchi, kuyambira pa 5:50 mpaka kumapeto. Pa nyimbo zimene akujambula tsopano, wogwira kamera amabwerera m'mbuyo pa kolasi yomaliza kuti pamwamba patsale malo a mabokosi awiriwo.